Phunziro: Kodi bowa amachokera kuti?

Mvula ikakhazikika mu Disembala, amayi a ku Fonte Boa amalawirira kutchire kukazula bowa. Ambiri amati bowa amangobuka yekha. Ayi, naye ali ndi mbewu.

Tembenuzani chipewa cha bowa wokhwima. Kunsi kwake kuli timizere tambirimbiri, ndipo m'menemo ndi momwe mumabadwira mbewu. Ndi yaing'ono zedi, moti imodzi simungaione ndi maso. Koma dulani tsinde, muvundikire chipewacho papepala, pamwamba muphimbe ndi kapu. Kukacha mudzapeza fumbi litajambula timizere tija. Fumbilo ndiye mbewu. Ngati bowayo mbewu yake ndi yoyera, pafunika pepala lakuda kuti ioneke.

Mphepo imamwaza mbewuyi, ndipo yambiri imangofa. Imene yagwera ponyowa, pomwe pali chakudya, imatulutsa kaulusi koyera. Kaulusiko kamatalika nkuchita nthambi. Kakakumana ndi kanzake kochokera ku mbewu ina ya mtundu womwewo, timalumikizana. Pa mitundu yambiri, popanda kulumikizana kumeneku bowa sabereka.

Ulusiwu ndiwo thupi lenileni la bowa. Chimene timazula chija ndi chipatso chabe, monga suku pa msuku.

Pitani pa mulu wa mapesi umene wavumbwa kwa milungu ingapo. Nyamulani apansi. Muona zoyera zitayanga, mapesi atafewa, akufumbutuka m'manja. Ulusi ulibe pakamwa. Umatulutsa timadzi tosungunula phesi, kenaka nkuyamwa zimene zasungunukazo. Zotsala zimasanduka dothi lakuda la chonde. Chitsa nacho chimaola chimodzimodzi, kungoti chimatenga zaka chifukwa mtengo ngolimba.

Ntchitoyi imafuna chinyezi ndi mpweya. Mulu ukauma, ulusi umaima kukula, mapesi amakhala gwaa. Ukamira m'madzi, ulusi umabanika, mulu umanunkha. Tikautentha, ulusi umapsera limodzi ndi chakudya chake.

Ulusi ukakhuta, mvula nkugwa yokwanira, umadzikulunga timfundo. Kamfundo kamamwa madzi, kamatupa, kamang'amba dothi, chipewa nkutambasuka. Izi zimachitika m'masiku owerengeka, nchifukwa chake timaganiza kuti bowa wabuka usiku umodzi. Chipewa chija chimagwetsa mbewu ina, kenaka chimaola, koma ulusi umatsala pansi.

Si bowa yense amadya mapesi kapena zitsa zakutchire. Ulusi wa utale ndi nyonzwe umaweteredwa ndi chiswe mkati mwa chulu. Wa ndelema umakhala pa mizu ya mitengo yamoyo monga mombo. Mitengoyo ikathera ku makala, ndelema nayenso amasowa.

Chenjezo: bowa wakupha amameranso motere. Pepala lija silikuuzani kuti uyu ngodyedwa. Bowa amene simukumudziwa, musiyeni.

Mafunso

1. Kodi mbewu ya bowa imakhala pati?
2. Ulusi umadya bwanji phesi pomwe ulibe pakamwa?
3. Kwanuko, ndi bowa uti amene wayamba kusowa?