Kulumikiza Laputopu Yakale ku Kanema Watsopano

Aphunzitsi ena a ku Rivirivi ali ndi malaputopu akale amene akugwirabe ntchito bwino, koma polumikizira pake sipagwirizana ndi makanema a masiku ano. Yang'anani m'mbali mwa laputopu yanu. Mukaona polumikizira pa timabowo 15 tondandalikidwa m'mizere itatu, kawirikawiri pobiriwira ngati thambo, pamenepo ndi pa VGA. Njira imeneyi inayamba ndi kampani ya IBM m'chaka cha 1987. Makanema atsopano ambiri ali ndi HDMI yokha.

Ziwirizi zimalankhula zinenero zosiyana. VGA imatumiza chithunzi mwa mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, mtundu wofiira pawaya wake, wamsipu pawake, wathambo pawake, ndipo sinyamula mawu. HDMI imatumiza chithunzi ndi mawu omwe mwa manambala. Chifukwa chake chingwe wamba sichithandiza. Pafunika adaputa, kabokosi kokhala ndi makina omasulira m'kati.

Tsono chenjerani apa, pakuti womasulira ameneyu amadziwa njira imodzi yokha. Tinene kuti mphunzitsi wakwera minibasi kupita ku Balaka kapena ku Liwonde, nauza wogulitsa kuti afuna adaputa ya VGA ndi HDMI. Kumupatsa yolembedwa "HDMI to VGA" n'kosavuta, popeza imeneyo ndiyo yofala. Koma imeneyo ndi ya laputopu yatsopano ndi kanema wakale. Akafika nayo kwawo kanema adzangolemba "No Signal", ndalama ya ulendo yapita. Yoyenera ndi yolembedwa "VGA to HDMI". Mudzaizindikira ndi michira yake iwiri: wa USB wokokera magetsi, ndi kapulagi kakang'ono ka mawu. Nzeru yabwino ndiyo kunyamula laputopuyo ndi kukayesera m'sitolo momwemo musanalipire.

Polumikiza, lowetsani adaputa pa VGA mosakakamiza, chifukwa timano take timapindika msanga. Mchira wa USB ulowe mu laputopu, ndipo kapulagi kalowe pamene pamalowa mahedifoni. Mukakaiwala, chithunzi chidzaoneka koma chosalankhula. Kenaka tengani chingwe cha HDMI kuchokera pa adaputa kufika ku kanema. Pa rimoti dinani Source kapena Input, musankhe nambala ya pamene mwalowetsa, monga HDMI 1.

Ngati chithunzi sichinabwerebe, ndipo laputopu ili ndi Windows 7 kapena yotsatira, dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate. Kanema akalemba kuti "Mode Not Supported" kapena mawu onga amenewo, ndiye kuti uthenga ukufika koma muyeso wa chithunzi waukana. Pitani pa Screen Resolution kapena Display Settings muike 1280 x 720 kapena 1024 x 768. Chithunzi chikaoneka chachikasu kapena chofiirira, mtundu umodzi sukudutsa: pulagi ya VGA yakhwepa, kapena kadzino kena kapindika.