Paketi imodzi, zilankhulo zinayi: timasulire pati?

Sabata yatha m'kalasi ya Fomu 2 tinabweretsa paketi ya maswiti ofewa aja, yogula pa golosale ina kuno ku Area 18. Kumbuyo kwake kunali timalemba tating'ono tothithikana m'Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiarabu. Tinauza ophunzira kuti ayerekeze kuti agogo awo afunsa kuti, "Kodi muli chiyani m'menemu? Tingadye?" ndipo awalembere yankho m'Chichewa.

Ambiri anayambira pamwamba n'kumatsika mzere ndi mzere. Pofika mzere wachinayi anali atalowa m'Chifalansa osadziwa, moti shuga anamulemba kawiri, poyamba kuchokera ku “sugar”, kenaka ku “sucre”. Vuto lake n'lakuti lebulo yotere si nkhani imodzi yaitali ayi. Ndi uthenga umodzi wobwerezedwa kanayi, chifukwa fakitale imasindikiza paketi imodzi yoti igulitsidwe m'maiko ambiri: Chipwitikizi n'cha ku Mozambique ndi Angola, Chifalansa n'cha maiko ngati DRC, Chiarabu n'cha maiko a Aluya.

Choncho tisanamasulire liwu ndi limodzi lomwe, tipeze malire a gawo lililonse. Gawo limayamba ndi liwu lotchula zinthu zimene zasakanizidwa: “Ingredients” m'Chingerezi, “Ingrédients” m'Chifalansa, “Ingredientes” m'Chipwitikizi, ndi المكونات m'Chiarabu. Atatu oyambawo amafanana kwambiri, ndiye yang'anitsitsani kamzere ka pamwamba pa e ndiponso mathero a liwulo. Mapaketi ena amaika zilembo ziwiri m'kabokosi kumayambiriro kwa gawo: EN kapena GB, FR, PT, AR. Apa pali msampha umene unakola ngakhale ife aphunzitsi tsiku lina. Zilembo za SA kawirikawiri zimaimira Saudi Arabia, pamene South Africa ndi ZA. MW ndi kwathu kuno, MZ ndi Mozambique.

Tikapeza malire, tisankhe gawo limodzi la chilankhulo chimene timachimvadi, n'kulimasulira lonse kuyambira poyamba mpaka pothera. Kwa ambiri a ife ndi Chingerezi. Ophunzira ena anathamangira ku Chiarabu poti amachiwerenga bwino ku madrasa. Kutchula zilembo amatchuladi mokoma, koma titawafunsa tanthauzo la mawu a utoto wa chakudya ndi zokometsera anangoti kakasi. Kuwerenga ndi kumva n'zosiyana, ndipo womasulira amafunika kumva.

Magawo otsalawo sitiwataya. Ndi mboni zathu. Pa paketi yathu tinawerenga zinthu zosakanizidwa potsata makoma, ndipo tinapeza zisanu ndi ziwiri m'Chingerezi, zisanu ndi ziwirinso m'Chipwitikizi, zotsatana mofanana. Zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira ku chochepa, ndiye m'Chichewa tisazisinthe malo. Chiwerengero chikasiyana, mwina mwadumpha mzere, kapena gawo linalo n'la mtundu wina wa maswiti a kampani yomweyo. Bwererani mukaonenso.

Mboni ya Chiarabu ndiyo inatithandiza pa funso la agogo. Chinthu chachitatu m'Chingerezi chinangoti “gelatine”, m'Chipwitikizi “gelatina”. Jelatini amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ndipo angakhale wa ng'ombe, wa nsomba kapena wa nkhumba. Magawo atatu aja sananene kuti ndi wa nyama iti. Koma gawo la Chiarabu linati جيلاتين بقري, kutanthauza jelatini wa ng'ombe. Mawu awiri amenewa ndi oti aliyense wa ife awadziwe. Komabe m'kumasulira kwathu sitinawalowetse mwakachetechete ngati kuti anali m'Chingerezi. Tinalemba kuti: "Jelatini. Gawo la Chiarabu likuti ndi wa ng'ombe." Wowerenga adziwe kumene mfundo iliyonse yachokera.

Mtsikana wina anafuna kuwonjezera kuti "choncho ndi halaal". Tinamuletsa, pakuti lebuloyo sinatero. Kuti ndi ng'ombe sizikutiuza mmene inazingidwira. Zimenezo zimatsimikizidwa ndi chidindo cha bungwe loona za halaal, monga nthambi ya halaal ya Muslim Association of Malawi kapena SANHA ya ku South Africa, ndipo paketi yathu inalibe chidindo chotere. Yankho loona kwa agogo linali lakuti jelatiniyo ndi wa ng'ombe koma chidindo palibe, ndipo kudya kapena kusadya asankhe okha.

Makolo amene mumagula katundu wochokera ku Tete kapena ku Villa Ulongwe, nthawi zina mupeza kuti Chingerezi palibiretu. Zikatero funani mawu awa m'Chipwitikizi: “porco” kapena “suíno” ndi nkhumba, “banha” ndi mafuta a nkhumba, ndipo “validade” ndi tsiku limene chinthucho chithere mphamvu. Ophunzira a Fomu 2 abweretse lebulo imodzi ya kunyumba Lolemba, atazunguliza kale ndi pensulo gawo limene asankha kumasulira.