Kabuku ka Bajeti ya Munda: Dziwani Mtengo wa Ekala Imodzi ya Chimanga Musanabzale

Kwa alimi a m'boma la Chama

Chida chomwe tikufotokoza pano ndi kabuku wamba ka kusukulu, bolopeni ndi chingwe. Ntchito yake ndi kukuuzani, mvula isanagwe, kuti mufunika matumba angati a chimanga kuti ndalama zomwe mwalowetsa m'munda zibwerere. Mukadziwa nambala imeneyi, mudziwanso ngati nkoyenera kugula feteleza ku sitolo, ndiponso ngati mtengo womwe wogula akutchula ukupatseni phindu.

Yambani ndi chingwe

Ambiri tinazolowera kuyeza munda ndi lima, yomwe ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Ekala ndi yaikulu kuposa pamenepo: ili ndi masikweyamita 4,047, kutanthauza lima imodzi ndi theka ndi kachidutswa. Dulani chingwe cha mamita 64. Munda womwe ukukwana chingwe chimodzi m'litali ndi chimodzi m'lifupi ndi ekala imodzi. Musadumphe ntchitoyi. Munda woyezedwa ndi maso nthawi zambiri umakhala wocheperapo kapena wokulirapo, ndiye mbewu imatha mizere isanathe, kapena mumalipira aganyu ndalama ya ekala pa malo osakwana ekala.

Tsamba loyamba: ndalama zomwe zimapita ngakhale musakolole

Mbewu. Ekala imodzi imafuna paketi ya makilogalamu 10. Kumadera a kuchigwa cha Luangwa, monga kwa Chikwa, kwa Tembwe ndi kwa Chifunda, kumatentha ndipo mvula imatha kudukiza, choncho funsani alangizi a m'dera lanu za mbewu yocha msanga.

Feteleza. Mlingo wozolowereka ndi thumba limodzi la Kompaundi D ndi limodzi la yureya pa lima iliyonse. Pa ekala ndiye kuti pafunika makilogalamu pafupifupi 80 a mtundu uliwonse. Popeza thumba ndi la makilogalamu 50, mugula awiri okulitsira ndi awiri obereketsera. Lembaninso mtengo wonyamulira matumbawo kuchokera ku Boma kufika kumudzi.

Ntchito. Lembani kulima, kubzala, kuthira feteleza, kupalira kawiri, kukolola ndi kutonola. Ngati mumalipira ganyu ndi meda ya chimanga kapena mpunga, lembani mtengo wake m'makwacha. Ntchito ya inu eni ndi a m'banja mwanu muilembenso pa mtengo wa ganyu wa m'mudzi mwanu, chifukwa masiku omwewo akadatha kupita kumunda wa mpunga kapena wa thonje.

Mankhwala. Chiyambire kumapeto kwa 2016, pamene mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'Zambia, si bwino kulemba bajeti yopanda mankhwala opopera. Omwe ali ndi minda kufupi ndi nkhalango ya Musalangu awonjezere ndalama yolondera njovu, monga mabatire a tochi.

Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza pofuna kusonyeza kawerengedwe. M'kabuku mwanu mulembe mitengo yomwe mwafunsa nokha chaka chino.

Mbewu, makilogalamu 10: K500
Feteleza, matumba 4 pa K1,000 lililonse: K4,000
Kunyamula feteleza: K100
Kulima: K400
Kubzala ndi kuthira feteleza: K200
Kupalira kawiri: K600
Kukolola ndi kutonola: K400
Mankhwala a mbozi: K150
Zonse pamodzi: K6,350

Tsamba lachiwiri: ndalama zomwe zimatsata thumba lililonse

Izi zimakula zokolola zikachuluka, n'chifukwa chake zili ndi tsamba lakelake. Tiyerekeze kuti saka yopanda kanthu ndi K10, kututa thumba limodzi kuchoka kumunda kufika pakhomo ndi K10, ndipo kulifikitsa ku depoti ndi K20. Thumba lililonse ladya K40 lisanagulitsidwe.

Bungwe la FRA linkagula thumba la makilogalamu 50 pa K280 mu 2023, pa K330 mu 2024, ndi pa K340 mu 2025. Tikatenga K340 n'kuchotsa K40, yotsala m'manja mwanu pa thumba limodzi ndi K300.

Kupeza matumba obweza ndalama

Gawani ndalama ya tsamba loyamba ndi yotsala pa thumba limodzi. K6,350 kugawa ndi K300 ikupereka 21 ndi kanthu pang'ono, choncho mufunika matumba 22. Phindu limayamba pokhapokha mukafika pamenepo.

Mukakolola matumba 25, mupeza K7,500, ndipo phindu ndi K1,150. Mukakolola 15 chifukwa chobzala mochedwa kapena udzu, mupeza K4,500 yokha, ndipo mwataya K1,850. Tsono funsani munda wanu: pa zaka zitatu zapitazi, unabala matumba angati mutathira feteleza? Ngati sunafikepo 22, kugula matumba anayi ku sitolo, makamaka ndi ndalama yangongole, n'kudziika pa mavuto. Musawerengere chaka chabwino chokha, pakuti chilala cha 2023/2024 chinaonetsa kuti tsamba loyamba limalipidwa pafupifupi lonse ngakhale munda upse.

Mlimi wa pa FISP mawerengero ake ndi osiyana. Iye amapereka K400 m'malo mwa K4,500 ya mbewu ndi feteleza, ndiye tsamba loyamba limatsika kufika K2,250, ndipo matumba 8 akwanira kubweza. Awonjezere ndalama yomwe amasonkha ku kopaletivu. Ndi bwinonso kuwerengera njira zonse ziwiri, kuti adziwe chochita ngati dzina lake silituluka kapena feteleza wafika mochedwa.

Kugulitsira kuti?

Kabuku kamathandizanso posankha msika. Ngati wogula wafika pakhomo ndi K300, simulipira K20 ya ku depoti, ndiye kusiyana kwake ndi FRA ndi K20 yokha pa thumba, osati K40. Iye amalipira pompo, pomwe ndalama ya FRA imabwera pakapita nthawi. Koma yang'anitsitsani sikelo kapena meda yake, chifukwa makilogalamu 5 owonjezera pa thumba ndi K30 yotayika.

Mukamva kuti ku Lundazi mtengo wakwera, funsani kaye wagalimoto. Ngati akulipiritsa K80 pa thumba m'malo mwa K20 ya ku depoti yapafupi, mtengo wa kumeneko uyenera kuposa K400 kuti ulendowo upindule, ndipo apa simunawerengere ulendo wanu, chakudya ndi malo ogona. Kusonkhana alimi angapo kudzaza galimoto imodzi kumatsitsa mtengo wa thumba.

Zomwe zimasokoneza bajeti

Choyamba ndi kuwerenga matumba chimanga chisanaume. FRA imafuna chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti, ndipo chimanga chonyowa chikabwezedwa mumalipira mayendedwe kawiri. Werengani matumba otonola, ouma ndi oyezedwa pa sikelo.

Chachiwiri ndi kuiwala nthawi yomwe ndalama ifunikire. Pafupi ndi mzere uliwonse lembani mwezi wake. Ya mbewu ndi feteleza imafunika mu Okutobala ndi Novembala, koma ya kupalira imafunika mu Disembala ndi Januwale, pamene m'nyumba zambiri mulibe ndalama. Ikani K600 imeneyo padera pa nthawi yogulitsa, chifukwa feteleza wothiridwa m'munda wosapalira amadyetsa udzu.

Chachitatu ndi chimanga chodya pakhomo. Chilembeni ngati chogulitsidwa, pakuti mukadapanda kulima mukadachigula, koma kumbukirani kuti sichibweretsa ndalama yogulira feteleza wa chaka chamawa.

Siyani mzere wina wopanda kanthu pa tsamba lililonse, wolembamo ndalama yeniyeni yomwe mwalipira tsiku lomwelo. Mukatha kugulitsa, pitani ndi kabuku kanu kwa alangizi kuti mufanizire limodzi zomwe munayerekeza ndi zomwe zinachitika, kenaka mulembe bajeti ya nyengo yotsatira.