Kuunika tenda: mafunso ndi mayankho

Kodi lipoti la kuunika tenda limagwira ntchito yanji?

Khonsolo kapena unduna ukalengeza tenda, makampani amatumiza mitengo yawo m'maenivulopu omata, omwe amatsegulidwa poyera tsiku lotsekera. Kenaka kagulu kounika kamalemba lipoti lonena amene akuyenera kupatsidwa kontirakiti ndi zifukwa zake. Kaguluko sikapereka ntchito, kamangolangiza. Chiganizo chimachokera ku komiti yogula katundu ya bungwelo, ndipo bungwe la PPDA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, limayang'anira kagulidwe konseka m'Malawi. Lipoti limalimba ngati muyeso uliwonse womwe lagwiritsa ntchito unalembedwa kale m'chikalata cha tenda makampani asanapikisane.

Bwanji osangopatsa wotchipa n'kuthana nazo?

Chifukwa mtengo wowerengedwa potsegula maenivulopu sunayesedwe. Tiyerekeze kuti khonsolo ikufuna madesiki 1,000, ndipo makampani atatu alemba motere: A K76 miliyoni, B K80 miliyoni, C K83 miliyoni. Ounika amayamba ndi zikalata, mitengo ili pambali. Kodi fomu yasainidwa? Satifiketi ya msonkho ya ku MRA ilipo? Nanga chikole cha tenda? Apeza kuti A sanaike chikolecho, chomwe chikalata chinati n'chofunika, ndipo wagwera pomwepo. Wina anganene kuti n'kuuma mtima kutaya mtengo wabwino chifukwa cha pepala limodzi. Koma pepalalo ndi lomwe limamanga kampani kuti isathawe ikapambana, ndipo anzake awiri aja anavutika kukalitenga ku banki. Kumuimbira foni A kuti abweretse mawa ndi kumupatsa mpata wokonza tenda yake atamva kale mitengo ya anzake. Ounika amaloledwa kufunsa, polemba kalata, kuti kampani ifotokoze chomwe sichikumveka, osati kuti iwonjezere chomwe chikusowa kapena isinthe mtengo.

Nanga mitengo ya otsalawo imayerekezedwa bwanji?

Amayamba abwereza masamu. Kampani B inalemba K85,000 pa desiki, koma pamapeto inaika K80 miliyoni. Zikalata za tenda nthawi zambiri zimati mtengo wa chinthu chimodzi ukasemphana ndi wa zonse, wa chimodziwo ndiwo umatsatidwa, pokhapokha zikuonekeratu kuti kadontho kanaikidwa molakwika. Choncho mtengo wa B ukhala K85 miliyoni, ndipo kampaniyo imalemberedwa kalata kuti ivomere. Ikakana, tenda yake imatayidwa. Apa mndandanda watembenuka, C ali patsogolo ndi K83 miliyoni. Ounika aonenso ngati onse aphatikiza VAT ndi ndalama zonyamulira madesiki kukafika kusukulu, poti mtengo wokatengera katundu kufakitale sungafanane ndi wofikitsa pakhomo.

Ndiye kuti C wapambana?

Ayi, patsala kuona ngati angaikwanitse ntchitoyo. Tinene kuti chikalata chinafuna umboni woti m'zaka zitatu zapitazi kampani inaperekapo madesiki osachepera 500 pa kontirakiti imodzi. C waonetsa makalata a madesiki 200 okha, choncho walephera, ndipo ounika apita kwa wotsatira. B waonetsa madesiki 700, ndipo omwe anagula atsimikiza polemba. Pano pamabuka dandaulo lomveka, loti muyeso wotere umatsekereza amalonda ang'onoang'ono. Dandauloli ndi loona, koma malo ake ndi pokonza chikalata cha tenda, pomwe ntchito ikadagawidwa m'magawo a madesiki 250 kuti ang'ono alowe nawo. Kufewetsa muyeso maenivulopu atatsegulidwa kumalakwira kampani yomwe inawerenga 500 n'kusiya kupikisana. Ndipo khomo lomwelo ndi lomwe amalowera a ziphuphu, amene amati “tikumudziwa, amagwira bwino ntchito” popanda pepala lotsimikiza.

Kodi mawu omaliza a lipoti alembedwe bwanji?

Atchule dzina la kampani, mtengo wokonzedwa, nthawi yoperekera katundu ndi tsiku lomwe tenda ithere mphamvu. Pa chitsanzo chathu, lipoti lilangize kuti B apatsidwe kontirakiti pa K85 miliyoni, osati K80 miliyoni, n'kuonetsa kuti ndalamazo zilipo m'bajeti. Aliyense wogwa alembedwe pamodzi ndi nambala ya ndime yomwe wagwera, pakuti mawu oti “sanakwaniritse zofunika” sangayankhe wofufuza mabuku wofunsa za K9 miliyoni yosiyanitsa A ndi B. Ounika onse asaine ndi kulengeza kuti alibe ubale kapena phindu m'makampaniwo, ndipo wotsutsana ndi anzake alembe zifukwa zake m'lipoti momwemo. Kampani yoluza ili ndi ufulu wofunsa chifukwa ndi kukadandaula, choncho musasaine mzere womwe simungauloze m'chikalata cha tenda.