Pamene Chosungira Mapasiwedi Chikulemba Mawu Achinsinsi Akale

Munthu akasintha pasiwedi ya imelo yake ya kuntchito pa kompyuta ya mu ofesi, nabwerera kunyumba, natsegula laputopu yake, napeza timadontho takuda tadzaza kale m'kabokosi ka pasiwedi monga mwa masiku onse, sakayika konse. Koma akadina batani lolowera, tsamba limamuyankha kuti Wrong password, ndipo akadinanso yankho limakhala lomwelo. Choyamba chimene ndikupemphani, inu amene zotere zakugwerani, ndi chakuti muleke kudina, pakuti kuthamanga sikufika, ndipo mawebusaiti ambiri amawerenga kulephera kulikonse, natseka akaunti kwa kanthawi chiwerengero chikakwana. Timadontho tija timabisa mawu, choncho diso silingathe kusiyanitsa pasiwedi yadzulo ndi yalero, ndipo chosungira mapasiwedi chimangolemba mokhulupirika zimene chinapatsidwa kale.

Tsono fufutani zonse zili m'kabokosimo, muonetsetse kuti Caps Lock ndi yozima, ndipo mulembe pasiwedi yatsopano ndi zala zanu, mukudina kachizindikiro ka diso ngati kalipo, kuti muone chilembo chilichonse. Mukalowa, mlandu watha kuzengedwa: akaunti ili bwino, cholakwa chili m'chosungira. Chrome ikafunsa kuti Update password? muvomere nthawi yomweyo, chifukwa kawirikawiri vutoli limabadwa pamene kafunso kameneka katsekedwa mofulumira, kapena pamene pasiwedi yasinthidwira pa makina ena amene salumikizana ndi chosungira chanu.

Ngati kafunsoko sikanaoneke, konzani nokha. Lembani izi pamalo olembapo adiresi mu Chrome:

```
chrome://password-manager/passwords
```

Fufuzani dzina la webusaitiyo ndi kulidina. Makina adzafuna kuti mutsimikize kuti ndinu mwini, mwina ndi PIN, mwina ndi chidindo cha chala. Dinani diso kuti muwerenge zimene zasungidwa, ndipo mukaona kuti ndi zakale, dinani Edit, mulembe zatsopano, mumalize ndi Save. Dziwani kuti kusintha pano sikusintha pasiwedi ya akaunti yeniyeni. Mukungouza chosungira zimene webusaiti ikudziwa kale.

Pali msampha umene umakola ngakhale anthu ozolowera makina, ndipo ndi woyenera kuufatsira. Chosungira chimamangirira pasiwedi iliyonse ku adiresi ya tsamba ndi ku dzina lolowera, kotero kuti akaunti imodzi ikhoza kulembedwa kawiri popanda mwini kudziwa. Tiyerekeze kuti mumalowera pa mail.example.com, koma tsamba losinthira pasiwedi lili pa accounts.example.com: pasiwedi yatsopano yasungidwa pansi pa adiresi yachiwiri, pamene yakale yatsala pa yoyamba, ndipo ndi yakaleyo imene imathamangira m'kabokosi m'mawa uliwonse. Chimodzimodzinso ngati tsiku lina munalowa ndi imelo, tsiku lina ndi nambala ya foni. Chizindikiro chake n'chakuti mukadina m'kabokosi pamatsika mayina awiri kapena atatu ofanana. Tsegulani lililonse, muyerekeze ndi pasiwedi imene yakulowetsani, ndipo lakalelo mulichotse ndi Delete. Koma musachotse kanthu musanalowe bwinobwino ndi yatsopano, kuti mungataye yamoyo ndi kusunga yakufa.

Ena ali ndi zosungira ziwiri, monga cha Chrome ndi Bitwarden, zonse zikulimbirana kabokosi kamodzi, china chitalandira pasiwedi yatsopano, china chikadali ndi yakale. Akulu anati pawiripawiri sipauzirika. Sankhani chimodzi, ndipo chinacho muchiletse kusunga ndi kulemba.

Mukatero, tembenukirani ku foni. Ngati foni ndi laputopu zalowa mu akaunti imodzi ya Google ndipo mapasiwedi amalumikizana, kukonza kwanu kudzafika kokha. Mungatsimikize pa passwords.google.com. Koma pulogalamu ya imelo ya m'foni kawirikawiri imasunga pasiwedi payokha, niyesa kulowa mwakachetechete usana ndi usiku, kotero kuti akaunti ya kuntchito ikhoza kutsekedwanso inu musanakhudze batani lililonse. Akaunti ikamatsekeka mobwerezabwereza mutakonza kale, funani foni kapena tabuleti yoiwalika, ndipo mulembemo pasiwedi yatsopano.

Ngati pasiwedi yolemba ndi zala yakanidwanso, dikirani kaye kuti nthawi ya kutsekedwa ipite, kenaka mudine Forgot password kamodzi kokha, pakuti kusinthasintha mwa mkwiyo kumangobala pasiwedi yachitatu ndi yachinayi zimene simudzazikumbukira. Mukasintha, tulukani mu akauntiyo, mulowenso polola chosungira kulemba chokha. Chikakulowetsani, ntchito yatha. Akaunti ikakhala ya kuntchito ndipo yakana kutseguka, pitani kwa oyang'anira makompyuta a pa ofesi yanu, muwauze makina onse amene mumawerengerapo imelo.