Kukonzanso Masilaidi Odzaza ndi Mawu

Pamsonkhano wa kumapeto kwa chaka, mlembi wa gulu la alimi amayatsa pulojekita, pakhoma n'kuoneka timalemba tothithikana ngati nyerere. Okhala kutsogolo amalimbana ndi kuwerenga, osamvanso zomwe mlembi akunena. Okhala kumbuyo saona kanthu, amangocheza zawo. Masamba oonetsa pakhomawa amatchedwa masilaidi, ndipo ambiri amawakonzera mu PowerPoint. Lero tikonza tsamba limodzi lakale kuti munthu alimvetse atangoliponyera diso.

Tiyerekeze kuti tsambalo lili ndi mutu wakuti "Lipoti la Zokolola", pansi pake mizere 11. Mizereyo ikukamba za mvula, mbewu, ngongole za mamembala, komanso matumba a mtedza omwe gulu linakolola: 120 mu 2022, 150 mu 2023 ndi 210 mu 2024.

Musanakhudze chilichonse, pitani pa File, musankhe Save As, ndipo fayilo muipatse dzina latsopano. Mukalakwitsa, yakale ilipo. Kenako onani maonekedwe a tsamba. Masilaidi akale ambiri ndi a 4:3, aafupi m'litali, pamene kuyambira PowerPoint 2013 atsopano amakhala otambalala, a 16:9. Akale aja mukawaonetsa pa sikirini yotambalala, m'mbali mumatsala mdima. Pitani pa Design, kenako Slide Size, musankhe Widescreen (16:9). Izi chitani poyambirira, chifukwa mukadzasintha pomaliza zinthu zomwe munayala bwino zimasuntha.

Tsopano ntchito yeniyeni. Werengani mizere 11 ija, mudzifunse kuti: munthu akamabwerera kwawo, akakumbukire chiyani pa tsambali? Yankho likhale chimodzi. Apa chinthucho n'chakuti mtedza wachuluka. Ndiye mutu uja usinthe. "Lipoti la Zokolola" ndi dzina chabe, silikunena kanthu. Lembani kuti: "Mtedza wakwera kuchoka pa matumba 120 kufika 210". Ngakhale wofika mochedwa, akawerenga mutu wokhawo wamva nkhani.

Nanga mawu otsalawo? Apa ndi pomwe alembi ambiri amachita nthumanzi, poti mizereyo anailemba ndi thukuta. Musaitaye. Pansi pa tsamba pali malo otchedwa Notes. Sankhani mawu a mvula ndi mbewu, muwadule ndi Ctrl+X, muwaike mu Notes ndi Ctrl+V. Poonetsa, Presenter View imakusonyezani mawuwo pa laputopu yanu, pakhoma osaoneka. Mudzawanena ndi pakamwa. Za ngongole ndi nkhani ina, zipatseni tsamba lakelake. Masamba akachuluka musadandaule. Atatu opepuka amatha msanga kuposa limodzi lomwe anthu akulimbana nalo.

Manambala atatu aja akhale chithunzi. Pitani pa Insert, musankhe Chart, kenako Column. Patuluka katebulo kokhala ndi manambala achitsanzo. Afufuteni, mulembe zaka zanu ndi matumba anu. Muona mizati itatu, waufupi, wapakati ndi wautali. Iwiri yoyambayo ikhale yotuwa, wa 2024 wokha muupatse mtundu wowala, monga wobiriwira, kuti diso lithamangire pamenepo. Mizati yonse ikakhala ndi mitundu yakeyake, diso limasowa poima.

Malemba akhale aakulu: mutu cha pa 36, mawu ena asatsike pa 24. Chenjerani, PowerPoint imachepetsa yokha malemba mukawonjezera mawu m'bokosi lodzaza kale. Mukaona nambala yatsika kufika pa 16 kapena 14 inu osaikhudza, dziwani kuti mawu achulukanso, ena apite ku Notes. Ngati masamba ali 20, musavutike kusintha kalembedwe limodzilimodzi. Pitani pa View, kenako Slide Master, musinthe pa tsamba lapamwamba kwambiri. Masamba ena atsatira, kupatula omwe wina anawasintha pamanja.

Chithunzi cha matumba ali m'nyumba yanu yosungiramo chimaposa cha alimi achilendo chotengedwa pa intaneti, chifukwa mamembala amachizindikira. Pochikulitsa kokani pakona. Mukakoka pambali, matumba amaoneka ofutukuka ngati maungu.

Dziwaninso kuti masilaidi opepukawa amadalira wolankhula. Mukawatumiza kwa membala yemwe sanabwere, sapeza za mvula ndi mbewu zija. Ameneyo musindikizireni posankha Notes Pages pa Print, kuti tsamba ndi mawu ake zitulukire pamodzi.

Mukamaliza, yatsani pulojekita masana, m'chipinda chomwe mudzasonkhanemo, chifukwa mitundu yooneka bwino pa laputopu imafwifwa pakhoma kukawala. Kaimeni pa benchi yomaliza pamodzi ndi mnzanu yemwe sanaone lipotilo. Muonetseni tsambalo, muwerenge mumtima mpaka 5, mulichotse, ndipo mumufunse kuti gulu linakolola matumba angati mu 2024.