"Ibwera madzulo ano"

Lamulungu pa 12 Meyi 2024, zingwe ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka cha kufupi ndi Durban. Intaneti inayamba kutsimphina ku Tanzania, ku Mozambique, kuno ku Malawi ndi m'maiko ena. Chingwe chotere sachilumikiza munthu wokwera pamtengo ayi. Pamafunika sitima yapadera kuti ikachivuule pansi pa nyanja, ndipo ntchitoyo inatenga masabata.

Tsono tiyerekeze bambo wina wa kakampani kogulitsa intaneti ku masukulu ndi malo ogona alendo. Foni zitayamba kulira, iye analemba pa WhatsApp kuti, "Pepani, ibwera madzulo ano." Palibe anamuuza zimenezo, ankangofuna kuti anthu amusiye apume. Mayi wina wa malo ogona alendo anakhulupirira, osagula bando ya pafoni, nauza alendo ake kuti msonkhano wawo wa pa Zoom mawa m'mawa uchitika bwinobwino.

Madzulo anakwana, zii. Pofuna kubisa manyazi, bamboyo anayamba kutumiza uthenga ola lililonse: "Tikuyesetsabe." Pofika wachisanu ndi chimodzi, anthu anali atasiya kutsegula. Kenako analemba chikalata chachitali chodzaza maina a makina ndi manambala, poti mwina aoneka wodziwa ntchito. Chomvetsa chisoni n'chakuti mfundo yothandiza inalimo, koma kumunsi kwenikweni: mauthenga olemba akudutsa pang'onopang'ono, mavidiyo ndiwo akukanika. Mayi uja akanaiona, akanakonza msonkhanowo mwanjira ina. Sanaione. Tsiku lachitatu bamboyo, atatopa, anangokhala chete.

Nthawi yokonzera chingwe sinali m'manja mwake. Imene inali m'manja mwake ndi nthawi yolankhulanso, ndipo ndi yokhayo anayenera kulonjeza. Uthenga woyamba ukanangonena zinthu zochepa: vuto lili pa zingwe za m'nyanja, likhoza kutenga masiku ambiri, zikuyenda ndi izi, zikukanika ndi izi, konzani njira ina, tikuuzaninso 4 koloko. Ndiye 4 koloko ikakwana, alembe ndithu, ngakhale atangoti sizinasinthe.

Nanga kangati? Zimatengera kuti nkhani ikusintha msanga bwanji. Maola oyamba, pamene sizikudziwika kuti chavuta n'chiyani, kulemba ola lililonse kuli bwino, chifukwa uthenga uliwonse umabwera ndi chatsopano. Zikadziwika kuti tikudikira sitima, kamodzi patsiku, nthawi yake yomweyomweyo, n'kokwanira. Kupatula pamene pachitika chosintha zochita za kasitomala, monga liwiro kukwera chifukwa mwapeza njira yodzera chingwe china: pamenepo musadikire mawa.

Za makinazo zili ndi mwini wake, amene amayang'anira makompyuta pasukulu, mutumizireni payekha. Koma kasitomala ngati mayi uja, amene alendo ake akumufunsa maso ndi maso, uthenga wa pagulu sumukwanira. Ameneyo muimbireni foni, mumufunse chimene ali nacho mawa m'mawa.